Mtengo wa Mantha: Kuyeza Opishoni Musanagule Kapena Kugulitsa

 Lero tikamba za funso limene amalonda a maopishoni ku Chicago, ku London ndi ku Johannesburg amadzuka nalo m'mawa uliwonse: kodi opishoni iyi yakwera mtengo mopitirira, ndiigulitse, kapena yatsika mopitirira, ndiigule? Yankho limene alendo pa msikawu amaphunzitsidwa msanga ndi lakuti muyerekeze nambala ziwiri. Yoyamba ndi kugwedezeka kwa mtengo kumene msika ukuyembekezera, yachiwiri ndi kugwedezeka kumene kwachitikadi. Yoyamba ikaposa yachiwiri gulitsani, ikachepa gulani. Ine ndikuti lamulo limeneli lili ndi choona mkati mwake, koma mmene ambiri amaligwiritsira ntchito limapweteketsa anthu. Chifukwa chake n'chimodzi: nambala yoyamba imanena za mwezi ukubwerawu, pamene yachiwiri imanena za mwezi wapitawo. Amene akugula opishoni sakulipirira dzulo ayi. Choncho nambala yoyenera kuikidwa pa sikelo pamodzi ndi ya msika ndi kugwedezeka kumene kudzachitike, ndipo kumeneko muyenera kulosera nokha.

Tiyambe ndi katundu amene tikunenayu. Opishoni ndi pangano limene limakupatsani ufulu wogula, kapena wogulitsa, chinthu monga sheya pa mtengo wogwirizana, pofika tsiku lakutilakuti. Ndi ufulu chabe, palibe wokukakamizani. Mumalipiriratu ufuluwo, ndipo zinthu zikapanda kuyenda mmene munafunira mumangoluza ndalama imene munalipirayo. Wogulitsa opishoni ndiye amene amamangika: amalandira ndalama lero, ndipo mawa ayenera kukwaniritsa pangano zivute zitani. Pa msika wathu wa masheya ku Blantyre maopishoni sagulitsidwa, koma pa msika wa Johannesburg alipo, ngakhale a chimanga choyera. Msika wa maopishoni wa ku Chicago unatsegulidwa m'chaka cha 1973, chaka chomwecho chimene Fischer Black ndi Myron Scholes anasindikiza njira yawo yowerengera mtengo wa opishoni. Njira imeneyi imafuna zinthu zingapo: mtengo wa sheya lero, mtengo wa pangano, nthawi yotsala, chiwongoladzanja, ndi kugwedezeka kwa mtengo. Zonsezi zimaoneka poyera kupatula chomalizacho. Ndiye amalonda anaitembenuza njirayo. Amatenga mtengo umene opishoni ikugulidwira pa msika, n'kufunsa kuti, kodi ndi kugwedezeka kochuluka bwanji kumene kungapangitse mtengo umenewu kukhala woyenera? Yankho lake ndilo kugwedezeka koyembekezeredwa. Kwenikweni ndi mtengo wa opishoni womwewo, wongonenedwa m'maperesenti kuti muthe kuyerekeza opishoni ya kampani iyi ndi ya kampani ina.

Kugwedezeka kochitika kumawerengedwa kuchokera ku mitengo yotsekera ya tsiku ndi tsiku, ndipo aliyense wokhala ndi pepala ndi makina owerengera angathe. Tiyerekeze sabata imodzi. Lolemba sheya yakwera ndi 1 peresenti, Lachiwiri yatsika ndi 2, Lachitatu yakwera ndi theka, Lachinayi yatsika ndi 1.5, Lachisanu yakwera ndi 1. Nambala iliyonse muichulukitse ndi iyo yokha, kuti kukwera ndi kutsika zisafafanizane. Mupeza 1, 4, 0.25, 2.25 ndi 1, zimene pamodzi ndi 8.5. Gawani ndi masiku asanu, mupeza 1.7. Kenako funani nambala imene mukaichulukitsa ndi iyo yokha ikupatsani 1.7, ndipo ndi 1.3. Uku ndiko kugwedezeka kwa tsiku limodzi. Kuti mukunene pa chaka, chulukitsani ndi 16, chifukwa chaka cha msika chili ndi masiku pafupifupi 252, ndipo 16 kuchulukitsa ndi 16 ndi 256, pafupi kwambiri. Mupeza pafupifupi 21 peresenti. Taonani kuti sheyayi yamaliza sabata itangotsika ndi 1 peresenti yokha, komabe yagwedezeka ndithu. Nambala imeneyi siisamala kumene mtengo wapita, imangoyeza kukula kwa masitepe. Ndipo 16 ameneyu msungeni m'mutu, chifukwa amagwiranso ntchito mobwerera: mukamva kuti msika ukuyembekezera 32, gawani ndi 16, ndiye kuti ukunena kuti sheya iziyenda pafupifupi 2 peresenti tsiku lililonse. Amalonda sawerengera sabata imodzi ngati mmene tachitiramu. Nthawi zambiri amatenga masiku 20, 60, kapena chaka chathunthu.

Mwina wina afunsa kuti, nanga munthu amapeza bwanji ndalama kuchokera ku kugwedezeka kokha, osalosera ngati mtengo ukwera kapena utsika? Apa mpofunika kudekha, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Tiyerekeze sheya ya madola 100. Mukugula opishoni yogulira ndi opishoni yogulitsira pamodzi, zonse pa mtengo wa 100, zonse zotha pakapita mwezi umodzi. Ziwirizi pamodzi amazitcha sitiradulo. Ngati msika ukuyembekezera 32 peresenti, sitiradulo imeneyi igulidwa pafupifupi madola 7.40 pa sheya iliyonse, ndipo popeza pangano limodzi ku America limakhala la masheya 100, mulipira madola 740. Tsopano mtengo ukakwera, opishoni yogulira imanenepa ndipo mumayamba kukhala ngati mwini masheya. Wamalonda wosamala amagulitsa masheya ochepa kuti abwerere pakati. Mtengo ukatsika amagula. Motero nthawi zonse amagulitsa pamene pakwera ndi kugula pamene patsika, ndipo ulendo uliwonse umamusiyira kaphindu. Koma tsiku lililonse likadutsa maopishoni ake amatha mphamvu, chifukwa nthawi yotsala yachepa. M'chitsanzo chathu, kumayambiriro kwa mwezi, kutha mphamvu kumeneku kumamudyera madola pafupifupi 17 pa tsiku.

Ndiye tiyeze masiku atatu osiyana. Tsiku limene sheya yayenda 1 peresenti, kaphindu kake ndi madola 4 okha, ndipo pochotsa 17 uja waluza 13. Tsiku limene yayenda 2 peresenti, phindu ndi 17, ndiye sanapeze, sanaluze. Tsiku limene yayenda 4 peresenti, phindu silikhala 34 ayi, limakhala pafupifupi 69. Sitepe ikakula kawiri, phindu limakula kanayi. N'chifukwa chake poyamba paja tinachulukitsa nambala iliyonse ndi iyo yokha: si masewera a masamu, ndi mmene ndalama imayendera. Wogula amapambana ngati masitepe a m'mwezimo aposa 2 peresenti imene analipirira, wogulitsa amapambana akachepa. Koma taonani kupendekeka kwake. Tsiku labata kotheratu wogulitsa sangapeze koposa madola 17. Tsiku la chipwirikiti angaluze mazana. Masiku ambiri abata amafafanizidwa ndi tsiku limodzi loipa, ndipo tsiku limenelo silipezeka m'mbiri ya masiku 20 apitawo.

Tiyeni tiione bwino sheya yomweyi. Mwatsegula kompyuta, mwaona kuti msika ukuyembekezera 32, pamene masiku 20 apitawa sheya yakhala ikuyenda 1 peresenti pa tsiku, kutanthauza 16. Pa 16, sitiradulo ikanayenera kukhala madola 3.70, theka la mtengo wake. Mtima ukuti gulitsani msanga, anthu apenga. Koma musanatero tsegulani kalendala ya kampaniyo. Mupeza kuti mkati mwa mwezi umenewu ikulengeza phindu lake la miyezi itatu. Tiwerengere. Mwezi wa msika uli ndi masiku 21. Msika ukuti 2 peresenti pa tsiku, 2 kuchulukitsa ndi 2 ndi 4, ndipo 4 kuchulukitsa ndi masiku 21 ndi 84. Ngati masiku 20 wamba apitiriza kuyenda 1 peresenti, onse pamodzi apereka 20 yokha. Patsala 64, ndipo 64 ndi 8 kuchulukitsa ndi 8. Ndiye kuti msika sukunena kuti sheyayi iyamba kulumphalumpha tsiku ndi tsiku. Ukunena kuti masiku 20 adzakhala monga kale, koma tsiku la chilengezo sheya idzayenda pafupifupi 8 peresenti. Mpata wonse wa pakati pa 32 ndi 16 wabisala m'tsiku limodzi.

Funso lasintha tsopano, ndipo lakhala funso loyankhika. Kodi kampani imeneyi imayendadi 8 peresenti ikalengeza phindu lake? Bwererani m'mbuyo zaka zitatu, zilengezo 12, mutenge kuyenda kwa tsiku lililonse la chilengezo, muwerengere mwanjira yomwe ija. Tinene kuti mwapeza 5 peresenti. Ndiye kulosera kwanu ndi 20 kuphatikiza 25, zimene ndi 45. Gawani ndi masiku 21, mutenge muzu wake, muchulukitse ndi 16, mupeza 23 ndi kanthu. Pa mlingo umenewu sitiradulo ndi ya madola pafupifupi 5.40. Choncho opishoni yakweradi mtengo, koma ndi madola 2, osati 3.70 imene inaoneka poyamba. Pa madola 2 amenewa muchotsepo kusiyana kwa mtengo wogulira ndi wogulitsira, kumene pa maopishoni a kampani imodzi kumatha kukhala kwakukulu, muchotsepo ndalama ya buloka, muchotseponso zimene mudzawononge pogula ndi kugulitsa masheya kuti mukhale pakati. Chotsalacho muchiike pambali pa ngozi yake: sheya ikadumpha 15 peresenti usiku wa chilengezo n'kukhala pomwepo, mubweza madola 15 mutalandira 7.40. Ikadumpha 25, mwaluza 17.60, ndipo usiku msika wa maopishoni utatseka simungathe kudziteteza. Zilengezo 12 n'zochepa kwambiri kuti zikutsimikizireni kuti 25 sizingachitike. Mukadapeza kuti kampaniyi imayenda 10 peresenti pa chilengezo, nambala zomwezi, 32 ndi 16, zikanakuuzani kuti mugule.

Apa pali otsutsa, ndipo ali ndi umboni. Iwo amati, bwanji mukuvutika ndi kulosera pamene mbiri yanena kale? Msika wa maopishoni wa ku Chicago uli ndi muyezo wotchedwa VIX, umene unayamba mu 1993 ndipo kuyambira 2003 umawerengedwa kuchokera ku maopishoni a S&P 500, gulu la makampani akuluakulu 500 a ku America. Umanena kugwedezeka koyembekezeredwa kwa masiku 30 akubwera. Pa zaka zambiri VIX yakhala pafupifupi 19 kapena 20, pamene kugwedezeka kumene kunatsatira kwakhala kocheperapo ndi mapointi atatu kapena anayi. M'miyezi yambiri wogulitsa ndiye amapambana. Ndiye amati, ingogulitsani nthawi zonse basi. Umboniwu ndi woona, sindikuukana. Chimene ndikukana ndi tanthauzo limene akuupatsa. Mpata umenewu si kulakwitsa kwa msika, ndi malipiro. Taganizirani za kampani ya inshuwalansi ya moto. Chaka ndi chaka imatolera ndalama zambiri kuposa zimene imalipira eni nyumba zopsa, ndipo palibe amene amati eni nyumbawo ndi opusa. Akulipira kuti ngozi ikhale pa mutu wa wina. Momwemonso mabungwe a penshoni amagula maopishoni ogulitsira kuti adziteteze, ndipo amalolera kulipira moonjezera chifukwa chitetezocho chimalipira pa nthawi imene china chilichonse chikugwa. Wogulitsa opishoni ndi wa inshuwalansi, afune asafune, ndipo inshuwalansi yake ndi yovuta kuposa ya moto, chifukwa pa msika wa masheya nyumba zonse zimapsa tsiku limodzi.

Mbiri yomweyo imene otsutsawa amaidalira ili ndi masamba ena. Chaka cha 2017 chinali chabata kwambiri ku America. Kugwedezeka kochitika kwa S&P 500 kunali pafupifupi 7 peresenti, ndipo mu Novembala VIX inatseka pa 9.14, kutsika kumene kunali kusanaonekepo. Mpata unalipo mwezi ndi mwezi, ndipo anthu ambiri anathira ndalama m'chikalata chotchedwa XIV, cha banki ya Credit Suisse, chimene chinkapindula mapangano a m'tsogolo a VIX akamatsika. Pa 5 Febuluwale 2018 VIX inadumpha kuchoka pa 17 kufika pa 37 tsiku limodzi. XIV inataya mtengo wake woposa 90 peresenti, ndipo banki inaitseka. Phindu la zaka linatha madzulo amodzi. Kale mu 1995, Nick Leeson wa banki ya Barings ku Singapore anali atagulitsa masitiradulo ambiri pa msika wa masheya wa ku Japan, kudalira kuti muyezo wa Nikkei ukhala pamalo amodzi. Pa 17 Januwale chivomezi chinagwedeza mzinda wa Kobe, msika unagwa, iye anayesa kuwirikiza kuti abweze, ndipo pofika kumapeto kwa Febuluwale banki imene inakhazikitsidwa mu 1762 inagwa itataya mapaundi 827 miliyoni. M'nkhani imeneyi munalinso chinyengo chobisa zotayika, koma malonda amene ankabisidwawo anali omwewa, ogulitsa bata.

Umboni wondikhutiritsa kwambiri ndi wa chaka cha 2020, chifukwa m'milungu isanu ndi umodzi lamulo losavuta lija linalakwa kawiri, mbali zonse ziwiri. Pa 19 Febuluwale S&P 500 inali pamwamba penipeni, VIX inali pafupifupi 14, ndipo msika unali ukuyenda mofatsa kuposa pamenepo. Lamulo likanati gulitsani. Mwezi wotsatira mliri wa korona unafika, pa 16 Malichi S&P 500 inagwa pafupifupi 12 peresenti tsiku limodzi ndipo VIX inatseka pa 82.69. Tsopano pitani kumapeto kwa Malichi. Kugwedezeka kochitika kwa mwezi umenewo kunali kopitirira 80, pamene VIX inali itatsika kufika cha m'ma 50. Lamulo likanati maopishoni atchipa, gulani. Koma mu Epulo msika unagwedezeka pansi pa 50, ndipo unapitiriza kuzizira. Wogula uja analipira zambiri. Msika sunaiwale zimene zinachitika mu Malichi, unkangoona kuti zoterozo sizikhalitsa. Woyang'ana m'mbuyo yekha anagulitsa pamene maopishoni anali otchipa, n'kugula pamene anali odula.

Ndiye kodi mbiri ilibe ntchito? Ili nayo, yaikulu ndithu, koma ngati mboni, osati ngati woweruza. Pali zinthu ziwiri zimene zimadziwika bwino za kugwedezeka. Choyamba, kumayenda m'magulu: masiku a chipwirikiti amatsatana, masiku abata amatsatananso. Benoit Mandelbrot anaona zimenezi m'mitengo ya thonje mu 1963, ndipo Robert Engle anazikonzera masamu mu 1982, ntchito imene inamupezetsa mphoto ya Nobel mu 2003. Chachiwiri, kugwedezeka kumabwerera ku mlingo wake wa nthawi yaitali. Kukakwera kwambiri kumatsika, kukatsika kwambiri kumakwera. Choncho wolosera wanzeru amasakaniza. Ngati masiku 20 apitawa apereka 12 pamene zaka zingapo zapereka 18, kulosera kwa mwezi ukubwerawu kukhale pakati, mwina 14, ndipo kwa miyezi isanu ndi umodzi kuyandikire 18. Pamwamba pake aonjezere masiku odziwikiratu: chilengezo cha phindu, chisankho, msonkhano wa banki yaikulu, chigamulo cha khoti, kapena nyengo ya mvula ngati ndi chimanga. Ayezenso nthawi zofanana. Kuyerekeza opishoni ya miyezi itatu ndi kugwedezeka kwa masiku khumi n'kudzinamiza. Ndipo asamale kwambiri ndi bata lochita kupangidwa. Ife a kuno tikulidziwa bwino: mtengo wa kwacha pa dola kubanki unkakhala osasuntha kwenikweni kwa nthawi, kenako mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Amene akanayeza masabata a m'mbuyo akanapeza nambala yaing'ono, pamene wosintha ndalama aliyense m'misewu ankadziwa kuti chingwe chatsala pang'ono kuduka.

Mukalosera chotero, musayerekeze mpata ndi ziro, muuyerekeze ndi mpata wa masiku onse. Ngati pa S&P 500 msika umakonda kukhala mapointi atatu kapena anayi pamwamba, ndiye mpata wa mapointi awiri sukutanthauza kuti maopishoni adula. Ukutanthauza kuti mukulipidwa mochepa kuposa nthawi zonse pa ngozi yomweyo. Pa makampani amodziamodzi mpata umenewu nthawi zambiri umakhala wocheperako, moti lamulo lotengedwa ku VIX silingasamutsidwe chisawawa. Dziwaninso kuti sheya imodzi ilibe nambala imodzi yoyembekezeredwa. Chiyambireni pa 19 Okutobala 1987, pamene S&P 500 inagwa kupitirira 20 peresenti tsiku limodzi, maopishoni ogulitsira a mitengo ya pansi akhala akugulidwa pa kugwedezeka kokwera kuposa a pakati. Mukhoza kuona 18 pakati ndi 28 pansi. Woyamba kumene amathamangira 28 uja poganiza kuti ndiye wonenepa, osazindikira kuti opishoni imeneyo imadzuka pa tsiku limene msika ukugwa, ndipo pa tsiku lotero kugwedezeka sikukhala 18. Poyerekeza ndi kulosera kwanu, yambani ndi opishoni imene mtengo wake wa pangano uli pafupi ndi mtengo wa sheya lero.

Kutsutsa kwina kumachokera mbali ina, ndipo ine ndimakulemekeza koposa koyamba kuja. Amati, mabanki akuluakulu ali ndi akatswiri a masamu ndi makompyuta amphamvu, zonse mwanenazi amazidziwa, ndiye kulosera kwa munthu wamba kungapose bwanji kwa msika? Nthawi zambiri sikungapose. Kafukufuku wambiri waonetsa kuti kugwedezeka koyembekezeredwa, mukachotsapo malipiro a ngozi aja, kumalosera bwino kuposa mbiri yokha, chifukwa kumamva nkhani zimene mbiri sinazione. N'chifukwa chake ndikaona mpata waukulu modabwitsa, ganizo langa loyamba liyenera kukhala lakuti pali chimene msika ukudziwa, monga mphekesera yakuti kampani igulidwa kapena zotsatira za kuyesa mankhwala, osati lakuti ndatola ndalama panjira. Komabe kuyerekezaku sikutha ntchito. Kumasandutsa mtengo wa madola 7.40, umene paokha sunena kanthu, kukhala chiganizo chimene mungachivomere kapena kuchikana: 8 peresenti pa tsiku la chilengezo. Kumathandizanso amene sakufuna malonda a kugwedezeka n'komwe. Wogaya chimanga ku South Africa amene akufuna kudziteteza ku kukwera kwa mtengo akhoza kusankha pakati pa opishoni ndi pangano logulira m'tsogolo, ndipo ngati opishoni yadula kwambiri poyerekeza ndi zimene nyengo ngati imeneyo imabweretsa, pangano la m'tsogolo lingamuchitire bwino. Ndipo nthawi zambiri yankho loona la kuyerekezaku limakhala lakuti mpata ndi wamba, musachite kanthu.

Pali chinthu chimodzi chimene chimawawa kumva, chakuti mukhoza kulosera molondola n'kuluzabe. Madola 17 ndi 69 amene tinawerengera aja amagwira ntchito pamene sheya ili pafupi ndi 100, kumayambiriro kwa mwezi. Sheya ikasendera pang'onopang'ono kufika 115, sitiradulo imasiya kumva kugwedezeka, ndipo chipwirikiti chikabwera pamenepo wogula amene wakhala akudzibwezera pakati sapindula nacho kwenikweni. M'masiku omaliza, ngati sheya ili pa 100 penipeni, zimatembenuka: sitepe yaing'ono imakhala ndi mphamvu yaikulu, ndipo wogulitsa amene analosera bwino mwezi wonse angapwetekedwe ndi masiku awiri otsiriza. Amene sagula ndi kugulitsa masheya kuti akhale pakati, iye sakuchita malonda a kugwedezeka kwa tsiku ndi tsiku konse. Chimene chimamukhudza ndi pamene sheya yathera pa tsiku lomaliza. Ikhoza kulumpha mwezi wonse n'kubwerera pa 100, wogula wotereyu n'kutaya madola 740 onse.

Wogulitsa ali ndi mdani winanso, amene ndi chikole. Kugwedezeka koyembekezeredwa kukakwera kuchoka pa 32 kufika pa 48 m'sabata yoyamba, sitiradulo imene munagulitsa imakwera mtengo ndi theka poyerekeza ndi mmene ikanakhalira, ngakhale sheya isanasunthe. Buloka amaitanitsa ndalama zoonjezera tsiku lomwelo, ndipo mukalephera amakutsekerani malonda pa mtengo woipitsitsa. Bungwe la Long-Term Capital Management, limene mwa eni ake munali Myron Scholes yemwe uja ndi Robert Merton, linali litagulitsa maopishoni a nthawi yaitali ochuluka mu 1998 poona kuti adula kuposa mbiri. Dziko la Russia litalephera kubweza ngongole zake mu Ogasiti, maopishoniwo anadula koposa, malonda ena a bungwelo anagwanso nthawi yomweyo, ndipo mu Seputembala mabanki 14 anachita kusonkha madola pafupifupi 3.6 biliyoni kuti alitenge. Choncho kukula kwa malonda kusachokere pa kukula kwa mpata. Kuchokere pa funso lakuti, sheyayi itadumpha 25 peresenti usiku uno, nditsala ndi chiyani? M'chitsanzo chathu yankho ndi kuluza madola 1,760 pa sitiradulo iliyonse. Ngati mwadziikira malire akuti malonda amodzi asakudyereni koposa 2 peresenti ya thumba lanu, sitiradulo imodzi yokha ikufuna thumba la madola 88,000. Amene alibe zoterozo ali ndi njira imodzi yodziwika: pogulitsa sitiradulo pa 100, agulenso opishoni yogulitsira pa 85 ndi yogulira pa 115. Ziwirizi zimudyera mwina senti 50 pa sheya, komanso zoposerapo ngati za pansi zadula monga tanenera. Pamenepo alandira madola 6.90 m'malo mwa 7.40, phindu loyembekezera lija lachepa, koma sheya idumphe motani, sangaluze koposa madola 8.10 pa sheya iliyonse.